Mpando Waulemu Umene Umazunza Agogo

Pa madyerero a ukwati ambiri masiku ano, mpando umene amaikira agogo ndi sofa yofewa ya kutsogolo, pafupi ndi akwati. Aliyense akaona amati mwana uyu walemekeza makolo ake. Koma dikirani maola atatu adutse, muone mmene agogowo akudzukira. Amagwira bondo, amayesa kamodzi n'kubwerera, mpaka adzukulu awiri awakoke m'khwapa anthu onse akupenya. Kumbuyo kwawo kuli sipika yaikulu imene yakhala ikuwagunda m'makutu chiyambire mwambo, ndipo chimbudzi chili kutsidya kwa holo, kuseri kwa anthu mazana atatu. Malo amene timawatcha aulemu nthawi zambiri ndiwo malo ovuta kuposa onse kwa munthu wokalamba kapena waulumali.

Anthu otere si ochepa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa Amalawi a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa mmodzi mwa khumi aliwonse ali ndi ulumali wina wake, ndipo mavuto ofala kwambiri ndi a kuona, kuyenda ndi kumva. Ngati mwaitana anthu mazana atatu, musadabwe kupeza kuti makumi angapo akuvutika ndi maso, miyendo kapena makutu, ngakhale sanakuuzeni. Ena sabwera n'komwe. Amatumiza envulopu n'kunena kuti m'thupi simuli bwino, chikhalirecho adafunsa za malowo n'kumva kuti pali masitepe.

Tiyerekeze kuti komiti ikukonza ukwati wa mwezi wa Okutobala, madyerero mu holo ya sukulu m'tauni. Pa alendo amene sangalephere kubwera pali agogo ake aakazi a mkwati, a zaka za m'ma 80, ochokera kumudzi ku Ntcheu, amene mawondo amawavuta ndipo amamwa mapiritsi a bipi. Pali malume ake a mkwatibwi amene adachita ngozi ya pamsewu ndipo amayendera njinga ya anthu aulumali. Pali azakhali a matenda a shuga, komanso msuweni wosamva. Komiti yochenjera imasankha munthu mmodzi, osati apampando amene mutu wawo uli pa ndalama ndi chakudya, kuti ntchito yake ikhale anthu amenewa basi. Ntchito yake yoyamba ndi kuwaimbira foni n'kuwafunsa okha. Osafunsa ana awo okha ayi. Malume aja akudziwa kutambalala kwa njinga yawo, akudziwa ngati amakonda kukhalabe panjingapo kapena kusamukira pa mpando, ndipo mphindi zisanu zocheza nawo zikupulumutsani ku zongoganizira.

Ntchito yachiwiri ndi kupita ku holoko kudakali milungu, atatenga tepi yoyezera, n'kuyenda njira yonse imene mlendoyo adzayende: potsikira galimoto, pakhomo, pampando, kuchimbudzi, pa chakudya, mpaka kubwerera ku galimoto. Njira imeneyi ikaduka pamalo amodzi okha, zina zonse zapita pachabe. Holo zambiri zimaduka musanafike n'komwe pakhomo, pa ngalande ya madzi a mvula imene imazungulira khonde. Woyenda bwino amailumpha osaiona. Matayala aang'ono a kutsogolo kwa njinga amagweramo, ndipo ndodo ya agogo imaphonya. Mchenga ndi miyala ya kwale ya poimika magalimoto nazo zimamiza matayala. Choncho malo oyandikira khomo asungidwe kuti galimoto yonyamula okalamba idzafike pomwepo, ndipo pakhale mnyamata wowalondera, chifukwa galimoto zokongoletsedwa za akwati ndi za mabwana zimakonda kutseka malo omwewo.

Tsopano masitepe. Tinene kuti khomo lalikulu lili ndi masitepe atatu, lililonse lokwera masentimita 15, onse pamodzi masentimita 45. Muyezo umene amisiri a zomangamanga amatsata m'maiko ambiri ndi wakuti pa sentimita iliyonse yokwera, njira yotsetsereka italike masentimita 12. Ndiye kuti masitepe atatu amenewa akufuna chotsetsereka chotalika masentimita 540, kupitirira mamita asanu. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Amatenga chitseko chakale cha mamita awiri n'kuchisanjika pa masitepewo, n'kumati takonza. Chitseko chotere chimakhala chiphedi: pokwera njinga imafuna kugadabukira chagada, potsika imathawa m'manja mwa wokankha. Ena amaika matabwa awiri otalikirana, lina la tayala la kumanja lina la kumanzere, kuiwala kuti njinga zambiri zimene zimagawidwa kuno n'za matayala atatu, ndipo tayala la pakati lilibe popondapo.

Nthawi zambiri yankho silikhala kukhoma matabwa a mamita asanu. Zungulirani holoyo. Kawirikawiri pamakhala khomo la m'mbali lokhala ndi sitepe imodzi ya masentimita 10, imene ikungofuna thabwa lolimba la masentimita 120 m'litali, lotambalala pafupifupi mita, lokhomedwa bwino kuti lisaterereke, lokhala ndi timatabwa m'mphepete totchinga tayala. Yezani khomolo litatseguka. Njinga zambiri za akuluakulu n'zotambalala masentimita 60 mpaka 70, ndipo khomo likachepera 80 zala za mwini wake zimakhulika pa felemu. Ngati khomolo lili la zitseko ziwiri, onetsetsani kuti chachiwiricho chimatsegukadi komanso kuti kiyi wake adzakhala m'thumba mwa ndani tsikulo. Ndipo ngati khomo la m'mbalilo ndilo labwino, litsegulireni aliyense, mulikongoletse ngati linzake. Malume a mkwatibwi asalowere kumene kukulowera makireti a zakumwa pamene anzawo akulandiridwa ndi nthungululu kutsogolo.

Nanga kungowanyamula? Anyamata amphamvu sasowa paukwati, ndipo ambiri amaona ngati nkhani yathera pamenepo. Afunseni eni ake amene amanyamulidwa. Munthu wamkulu, wovala suti yake, kutengedwa m'mwamba anthu akujambula ndi mafoni, si chinthu chimene amachilakalaka. Komanso n'zoopsa. Poika mikono ndi popondetsa mapazi pa njinga zambiri zimachoka, ndipo amene wagwira pamenepo amatsala ndi chitsulo m'manja munthu atagwa. Ngati palibiretu njira ina, mwini wakeyo ndiye alamule pogwira ndi nthawi yonyamula, ogwirawo agwire felemu yeniyeni, ndipo zichitike anthu asanadzaze pakhomo. Koma ngati holo ili pamwamba pa nyumba yosanja yopanda chikepe, kapena chikepe chake chimadalira magetsi amene angathime nthawi iliyonse, komiti ipeze holo ina. Lamulo la anthu aulumali la 2012 lidanena kale kuti nyumba zofikamo anthu zikhale zofikirika kwa onse, ndipo mu 2024 kudabwera lamulo latsopano lolowa m'malo mwake, koma eni holo ambiri amamva msanga pamene kasitomala wabweza ndalama m'thumba chifukwa cha masitepe.

Tibwerere ku mpando uja. Chimene chimavuta munthu wa mawondo ndi kudzuka, ndipo kudzuka kumavuta kwambiri pamene matako ali pansi kuposa mawondo. Sofa yofewa imamira, munthu n'kukhala ngati ali m'dzenje. Mpando wabwino kwa agogo ndi wolimba, wokwera pafupifupi masentimita 45, wokhala ndi chotsamira kumsana komanso poika mikono kuti akankhirepo podzuka. Mpando wa matabwa wa pa tebulo lodyera kunyumba, mutauikira kapilo kopyapyala, umaposa sofa yobwereka ya mtengo wapatali. Mipando ya pulasitiki imene timabwereka ili ndi vuto lake: pa simenti yosalala kapena pa matailosi miyendo yake imatha kutagalala, pa dothi lofewa mwendo umodzi umamira. Kusanjikiza iwiri kumailimbitsa ndi kuikweza pang'ono, ndipo sankhani ya mikono. Nsalu zoyera zimene okongoletsa amaveka mipando zimabisa ming'alu, choncho mipando ya okalamba iyesedwe isanavekedwe.

Koma musakakamize. Agogo ambiri a kumudzi adazolowera mphasa, miyendo atatambasula, ndipo maola anayi miyendo ili lende pa mpando imawatupitsa mapazi. Ena amakana mpando chifukwa apongozi awo ali pomwepo, kapena chifukwa pa chinkhoswe ndi pa maliro amayi anzawo onse ali pansi. Ngati asankha mphasa, iyalidwe potsamira khoma, pamthunzi, ndipo pambali pakhale mpando wolimba woti agwirire podzuka. Ngati akukana chifukwa cha manyazi chabe pamene thupi likufuna mpando, ikani mipando inayi kapena isanu ya amayi achikulire onse, kuti asaoneke ngati adzikweza okha. Podzuka, asathamangitsidwe. Munthu wokalamba, makamaka wa mapiritsi a bipi, akaimirira mwadzidzidzi atakhala nthawi yaitali amachita chizungulire. Aime kaye pang'ono atagwira mpando, kenako ayambe kuyenda.

Malo ake a mpandowo akhale pati? Kumapeto kwa mzere, osati pakati, kumbali imene kuli khomo lopita kuchimbudzi, ndipo kutali ndi masipika. Anyamata a zoimbira amakonda kuika masipika kutsogolo mbali zonse ziwiri, molunjika mizere yoyamba, kumene ife taika akuluakulu. Munthu amene makutu ayamba kufooka, phokoso limamutsekeratu mawu a amene wakhala naye pafupi, ndipo kwa wovala kachipangizo kothandizira kumva phokosolo limapweteka. Muyeso wake ndi wapafupi: khalani pa mpando wa agogo pamene akuyesa zoimbira, mulankhule ndi munthu amene ali pa mtunda wa mkono umodzi. Ngati mukufunika kukuwa kuti akumveni, sunthani mpando kapena sipika. Kambiranani zimenezi ndi mwini zoimbira musanamupatse ndalama yomaliza, chifukwa nyimbo zikayamba sakumvaninso.

Kwa malume a panjinga, chotsani mpando umodzi kapena iwiri kumapeto kwa mzere wa abale awo kuti njinga ilowe mu mzere momwemo, akhale pambali pa akazi awo. Musawaike okha pa kanjira kapena kumbuyo kwenikweni, kumene aliyense akaimirira kuvina iwo amangoona misana. Kanjira kotambalala kupitirira mita kasungidwe kopanda zikwama, mawaya ndi makireti, ndipo penapake pakhale malo a mita ndi theka mbali zonse oti njinga itembenukirepo. Ngati kuli matebulo, kunsi kwake kukhale mpata wa masentimita pafupifupi 70 kuti mawondo alowe. Ndodo za munthu zisachotsedwe pambali pake chifukwa choti zikuononga chithunzi. Amene wachotseredwa ndodo wamangidwa pa mpandopo mpaka wina amukumbukire.

Msuweni wosamva uja akhale poti aziona nkhope ya wolankhula. Ngati amalankhula chinenero chamanja, bungwe la anthu osamva la MANAD lingakuthandizeni kupeza womasulira, ndipo ndalama yake ilowe mu bajeti monga ya wojambula. Womasulirayo aime powala, osati kutsogolo kwa zenera kumene amangooneka ngati chithunzithunzi, ndipo mwambo ukakhala wautali amafunika awiri osinthana, chifukwa ntchitoyi imatopetsa msanga manja ndi mutu. Mlendo wosaona musamukoke dzanja. Dzitchuleni dzina, mumulole agwire chigongono chanu, inu mutsogoleko pang'ono, muzimuuza pamene pali sitepe, ndipo mukafika ikani dzanja lake pa chotsamira cha mpando kuti akhale yekha. Mukamachoka muuzeni kuti mwachoka. Mwambo ukakhala wa mu tenti, zingwe ndi zikhomo zake zimangiriridwe nsalu zowala, ndipo kumbukirani kuti mthunzi umayenda. Mpando umene uli pamthunzi nthawi ya 10 koloko m'mawa, kumbali ya kumadzulo umakhala padzuwa pofika 3 koloko. Mlendo wachialubino, amene dzuwa limamuwotcha khungu ndipo nthawi zambiri saona patali, akhale mkati mwenimweni mwa tenti, chakutsogolo.

Za chimbudzi makomiti sakonda kukamba, komatu ndi pamene pagona nkhani. Mapiritsi ena a bipi amene amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala zathu amakodzetsa pafupipafupi. Abambo ambiri achikulire nawo sangathe kupirira mkodzo nthawi yaitali. Akaona kuti chimbudzi chili kutali kapena n'chonjuta, chimene amachita ndi kusamwa chilichonse tsiku lonse, ena amasiya ngakhale mapiritsi awo m'mawa umenewo. M'kutentha kwa Okutobala, gogo amene sanamwe madzi chiyambire m'bandakucha ndiye amene amakomoka m'kati mwa mwambo, anthu n'kumati wagwa ndi chimwemwe. Choncho yezani khomo la chimbudzi monga munayezera la holo. Chitseko chotsegukira mkati chimalepheretsa njinga kulowa n'kutseka, ndiponso munthu akagwera kuseri kwake simungachitsegule. Ngati chimbudzi chili chokumba kapena chonjuta, mpando wamatabwa woboola pakati, woikidwa pamwamba pa dzenje, kalipentala aliyense angaukhome tsiku limodzi, ndipo udzagwirabe ntchito kunyumba kwa agogo ukwati utatha. Pansi pakhale pouma, pakhale madzi ndi sopo, ndipo chimbudzi chabwino chija chimene eni holo amachikiya kuti n'cha ogwira ntchito, kiyi wake apemphedwe kudakali nthawi. Agogo aakazi aperekezedwe ndi mdzukulu wamkazi amene amamasuka naye, ndipo mdzukuluyo azifunsa monong'ona nthawi ndi nthawi, chifukwa iwo sanganene okha pagulu.

Zonsezi mungakonze, koma nthawi ikapanda kusamalidwa mwagwira ntchito yachabe. Taonani tsiku la agogo a ku Ntcheu aja monga limayendera. Adzutsidwa 5 koloko kuti asambe bafa lisanadzaze. Amwa tiyi wothamanga, 8 koloko ali kutchalitchi pa benchi yopanda chotsamira, mwambo wa 9 koloko wayamba 10. Masana akwati apita kukajambulitsa zithunzi, agogo asiyidwa mu holo imene khadi ikuti mwambo uyamba 1 koloko, koma akwati alowa itakwana 3. Perekani-perekani ayamba ndi anzawo a kuntchito, a kusukulu, a kwaya, a banki m'khonde, ndipo chakudya chibwera cha m'ma 5. Munthu wa zaka 80 wakhala maola khumi ndi awiri ndi kapu imodzi ya tiyi.

Kwa azakhali a shuga zimenezi n'zoika moyo pachiswe. Amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi ena otsitsa shuga, akachedwa kudya shuga amatsika kwambiri. Zizindikiro zake ndi thukuta lozizira, kunjenjemera, njala yadzaoneni, kukwiya msanga, kulankhula zosokonekera, moti anthu amayesa kuti waledzera. Ngati akutha kumeza, apatseni msanga theka la botolo la chakumwa chotsekemera kapena masupuni aang'ono atatu a shuga osungunulidwa m'madzi, kenako chakudya chenicheni. Ngati akomoka musawathire kanthu m'kamwa, agonekeni cham'mbali n'kuthamangira nawo kuchipatala. Koma chofunika n'chakuti zisafike pamenepo.

Tsiku lomwelo likhoza kukonzedwa mwina popanda kuonjezera ndalama zambiri. Akatuluka m'tchalitchi, zithunzi za agogo ndi akwati zijambulidwe pomwepo, zoyambirira, atakhala pa mpando. Kenako galimoto iwatengere kunyumba yapafupi kukadya nsima 12 koloko, agone pang'ono, ndipo abwere ku holo pokhapokha foni italira kuti akwati anyamuka. Pa pologalamu, woyendetsa mwambo aitane makolo ndi agogo m'ndime zoyambirira za perekani-perekani. Amene akufuna kuvina avine, malo ali opanda piringupiringu, pakuti agogo ena amadikira chaka chonse kuti adzavine tsiku limeneli ndipo palibe chifukwa chowaletsera. Amene sangathe, lichero lipite pamene akhala, akwatinso atsike akawagwadire pomwepo. Woyendetsa mwambo auzidwe mosapita m'mbali kuti nthabwala zonena za ndodo, khungu kapena kusamva kwa munthu sizikufunika, komanso asamalamule holo yonse kuimirira ndi kukhala kasanu ndi kawiri. Zolankhula zikhale ndi malire. Pakadutsa ola ndi theka nyimbo zitsitsidwe kwa mphindi khumi kuti anthu amwe madzi, apite kuseri, awongole miyendo. Malume a panjinga, ngati samva kukhudza m'munsi mwa thupi, amafunika kusintha kakhalidwe pafupipafupi kuti asatuluke zilonda, ndipo iwo ndiwo angakuuzeni ngati akufuna kachipinda kopumulirako.

Chakudya chikafika, okalamba ndi aulumali asaime pa mzere. Munthu wogwira ndodo alibe dzanja lonyamulira mbale ndi botolo. Koma muwafunse chimene akufuna m'malo mongowaunjikira. Nyama yowotcha youma imene achinyamata amailimbirana, agogo opanda mano amangoimanga m'chitenje. Nkhuku yofewa ya msuzi, nyemba, masamba, mpunga kapena nsima, ndi kathebulo kapena sitululu poika mbale, n'zokwanira. Mlendo wosaona muuzeni zimene zili m'mbale ndi mbali imene zili.

Chomaliza chimene chimaiwalika ndi ulendo wobwerera. Kuno dzuwa likamalowa cha m'ma 6 koloko mdima umagwa msanga, ndipo maso okalamba amavutika kwambiri nthawi ya chisisira, pamene anthu onse akutuluka pakhomo limodzi, ena atalawako. Galimoto imodzi ndi dalaivala wosamwa zisungidwe kuti 5 koloko, kapena nthawi iliyonse imene agogo anene kuti atopa, anyamuke osadikira kuwerenga ndalama. Phukusi lawo la keke likonzedwe kale.

Inu amene muli mu komiti ya ukwati, chinkhoswe kapena chiliza chimene chikubwerachi, pa msonkhano wotsatira funsani kuti ndani wapatsidwa ntchito imeneyi, ndipo dzina lake lilembedwe m'buku pamodzi ndi la wa chakudya ndi wa zokongoletsa. Mumupatse tepi yoyezera, manambala a foni a alendo aja, ndi mphamvu yokana holo.